Chilengezo cha Intenishipu: Zofunika Zenizeni ndi Ziti, Zongowonjezera ndi Ziti?

Chilengezo cha intenishipu chikatuluka m'nyuzipepala, kapena chikayamba kuzungulira m'magulu a pa WhatsApp, achinyamata ambiri amachiwerenga mwa njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri n'zotayitsa. Ena amangoyang'ana dzina la bungwe ndi tsiku lotsekera, basi n'kutumiza sivi yomwe ija anatumiza kwina sabata yatha. Ena amatenga mzere uliwonse ngati lamulo, ndipo akapeza chinthu chimodzi chomwe alibe, kaya ndi laisensi ya njinga yamoto kaya pulogalamu ya pakompyuta yomwe sanaimvepo, amagwa ulesi n'kunena kuti izi n'za anzathu. Oyambawo amatha bandulo ndi ndalama za fotokope pofunsira malo omwe sangaitanidwe. Achiwiriwo amasiya malo omwe akanatha kuwapeza.

Chomwe onsewa sanachione n'chakuti mizere ya m'chilengezo silemera mofanana. Ina ndi yoti mukaiphonya kalata yanu siwerengedwa n'komwe. Ina imangothandiza kusiyanitsa anthu omwe adutsa kale. Ina ndi mawu omwe amalembedwa m'chilengezo chilichonse. Luso lofunika musanalembe kalata ndi kudziwa kuti mzere uti uli m'gulu liti.

Chomwe chimachitikira kalata yanu ikafika

Chilengezo kawirikawiri sichilembedwa ndi munthu mmodzi. Yemwe adzakhale bwana wanu amalemba ntchito zomwe akufuna kuthandizidwa, n'kuwonjezerapo maluso onse omwe angakonde kuti wobwerayo akhale nawo. A ku ofesi yolemba anthu ntchito amaikapo malamulo a bungwe. Ngati ndalama za ntchitoyo zikuchokera kwa opereka thandizo, nawonso amakhala ndi zawo, monga zaka zakubadwa kapena dera lomwe munthu akuchokera. Zonsezi zimathera pa tsamba limodzi, m'mizere yooneka yofanana.

Makalata akafika, ndipo nthawi zambiri amafika ochuluka kuposa malo omwe alipo, amapetedwa ngati chimanga m'lichero: zoyamba kuuluka ndi zomwe sizifuna kuganizira. Wosankhayo amakhala ndi mndandanda wa mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi. Kodi digiri yofunikayo ilipo? Kodi zaka zake zikugwirizana ndi zomwe tanena? Kodi kalata yafika nthawi isanakwane? Wolephera limodzi mwa mafunsowa amaikidwa pambali, ngakhale kalata yake itakhala yokoma bwanji. Otsalawo ndi omwe amayamba kuyerekezedwa, ndipo apa m'pamene zowonjezera zija zimagwira ntchito. M'mabungwe akuluakulu omwe amalandira makalata kudzera pa fomu ya pa intaneti, mafunso oyambawa mumawayankha nokha podina, ndipo yankho la ayi lingakuchotseni munthu asanaone dzina lanu.

Mawu osonyeza kulemera kwa mzere

Zilengezo zambiri kuno kwathu zimatuluka m'Chingerezi, choncho pali mawu ochepa oyenera kuwazindikira monga momwe amaonekera pa tsambalo. Mukaona "must", "required", "essential" kapena "minimum", dziwani kuti chinthucho n'chokakamiza. Mukaona "desirable", "preferably" kapena "added advantage", akutanthauza kuti chikhalepo ndi bwino, koma kusowa kwake sikukutsekerani khomo.

Mawu aang'ono nawo amasintha zambiri. Chilengezo chofuna digiri ya zachuma kapena ya zowerengera chikufuna imodzi mwa ziwirizo, osati zonse. Chikawonjezera kuti kapena maphunziro ofanana nawo, khomo latseguka pang'ono, koma udindo wosonyeza kufananako uli ndi inu. Onaninso pomwe mawu ofewetsa aikidwa. Akalemba kuti digiri, makamaka ya zaulimi, digiriyo njokakamiza koma mbali ya zaulimiyo njongokonda. Mzere umodzi ukhoza kunyamula zonse ziwiri, choncho uduleni pakati. Ndipo ngati mizere isanu yaikidwa pansi pa mutu wonena kuti ofunsira ayenera kukhala ndi izi, mizere yonse isanuyo yatenga mphamvu ya mutuwo, pokhapokha umodzi utakhala ndi mawu akeake ofewetsa.

Vuto limabwera pamene chilengezo sichinasiyanitse chilichonse, changondandalika zinthu khumi pansi pa mutu umodzi. Zilengezo zotere n'zambiri. Pamenepo funsani mzere uliwonse mafunso atatu.

Loyamba: kodi chinthuchi chimatsimikizika ndi pepala? Digiri, chiphaso cha unzika, tsiku lobadwa, kalata yochokera ku koleji, laisensi, zonsezi wosankha amaziona m'kamphindi, ndiye n'zomwe amayambira kupetera. Kukhala wolimbikira, wodziwa kuyankhula ndi anthu, kapena wogwira bwino ntchito ndi anzake sikungatsimikizike ndi chidindo. Palibe amene amachotsedwa pa gawo loyamba chifukwa cha zimenezi. Zimayesedwa pa intavyu.

Lachiwiri: kodi anaika lamuloli ndani? Ngati likuchokera ku malamulo a dziko, bwana sangalifewetse ngakhale atakukondani. Ntchito yogwira odwala imafuna kuti munthu akhale m'kaundula wa bungwe loyang'anira ntchitoyo, monga Medical Council of Malawi kapena Nurses and Midwives Council of Malawi. Ngati likuchokera ku ndondomeko ya bungwe, nalonso silipindika. Mwachitsanzo, UNDP imatenga pa intenishipu anthu omwe akadali pa sukulu ya ukachenjede, m'chaka chomaliza cha digiri yoyamba kapena m'maphunziro apamwamba, komanso omwe angomaliza kumene, malinga ayambe chaka chisanathe chimalizireni. Womaliza zaka zitatu zapitazo sangalowe ngakhale akhale katswiri. Koma ngati chinthucho n'chofuna cha bwana chabe, monga kudziwa pulogalamu inayake, pali mpata wokambirana.

Lachitatu: kodi chinthuchi chikuonekanso pa mndandanda wa ntchito zomwe mukagwire? Ili ndi funso lomwe ambiri salifunsa, chifukwa amathamangira gawo la zoyenereza n'kudumpha gawo la ntchito. Luso lomwe latchulidwa m'magawo onse awiri n'lofunika, kaya analilemba ndi mawu ofewa chotani. Lomwe latchulidwa kamodzi kokha kumapeto, osagwirizana ndi ntchito iliyonse, nthawi zambiri n'longokometsera.

Tiwerenge chilengezo chimodzi limodzi

Tiyerekeze chilengezo chongopeka, koma chofanana ndi zomwe timaziona. Bungwe lina lothandiza alimi likufuna wophunzira ntchito mmodzi kwa miyezi 6, ndipo azikakhala m'boma la Machinga. Ntchito zake ndi izi: kuyendera makalabu a alimi m'midzi, kufunsa alimi mafunso n'kulemba mayankho pa tabuleti, kukonza manambalawo mu Excel, ndi kuthandiza kulemba lipoti la mwezi ndi mwezi.

Pansi pake pali zoyenereza zisanu ndi zitatu. Akufuna digiri ya zaulimi, ya chitukuko cha kumidzi kapena yofanana nazo, yochokera ku sukulu yovomerezeka ndi NCHE. Akhale womaliza maphunziro pasanathe zaka 2. Akhale mzika ya Malawi yosapitirira zaka 30. Adziwe Excel. Kudziwa KoboToolbox n'kowonjezera mwayi. Kuyankhula Chiyao n'kowonjezera mwayi. Laisensi ya njinga yamoto ikhalepo ndi bwino. Akhale wodziwa kugwira ntchito ndi anthu.

Tsopano pali ofunsira awiri. Woyamba ndi mtsikana wa zaka 25, ali ndi digiri ya zachuma cha ulimi yochokera ku LUANAR. Excel anaigwiritsa ntchito pa kafukufuku wake wa chaka chomaliza. KoboToolbox sanaigwirepo, njinga yamoto sayendetsa, ndipo Chiyao amangomva moni. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 27, wa ku Machinga komweko, Chiyao n'cha kubere, laisensi ali nayo, ndipo wagwirapo ganyu yotolera mayankho pa tabuleti kangapo. Koma pepala lake ndi dipuloma.

Mukangowerenga zomwe aliyense wakwanitsa, mnyamatayu wapambana: wakwanitsa pafupifupi zonse, wapereweredwa chimodzi. Mtsikanayu wapereweredwa zitatu. Koma chimodzi cha mnyamatayo chili m'gulu la zokakamiza, pomwe zitatu za mtsikanayo zili m'gulu la zowonjezera. Pa gawo loyamba la kusankha, mtsikanayo adutsa, mnyamatayo atsala. N'chifukwa chake kuwerengera kuti mwa zinthu khumi ndakwanitsa zisanu ndi ziwiri sikuthandiza. Chofunika si kuchuluka kwa zomwe mwakwanitsa, koma gulu la zomwe mwaphonya. Zikanakhala zina chilengezo chikanati digiri, kapena dipuloma pamodzi ndi luso la ntchito. Pamenepo mnyamatayo akanakhala patsogolo pa onse.

Komabe mtsikanayu asafulumire kusangalala, pali zinthu zinayi zoti azione bwino.

Choyamba ndi dzina la digiri yake. Chilengezo sichinatchule zachuma cha ulimi, changoti yofanana nazo. Wosankha wotopa sadzakhala pansi kuganizira kufananako m'malo mwake. M'kalata yake atchule maphunziro awiri kapena atatu a m'digiri yakeyo omwe akukhudza ntchitoyi, monga ulangizi wa zaulimi ndi njira za kafukufuku, ndipo aphatikizepo chikalata cha magiredi chosonyeza zimenezo.

Chachiwiri ndi zaka 2 zija. Mayeso omaliza analemba miyezi 27 yapitayo, koma satifiketi yake inatuluka pa mwambo wa omaliza maphunziro miyezi 19 yapitayo. Akawerengera kuchokera ku mayeso, wadutsa malire ndi miyezi 3. Akawerengera kuchokera pa satifiketi, akadali mkati ndi miyezi 5. Wosankha amaona tsiku lomwe lili pa pepala, choncho ngati chilengezo sichinanene zina, tsiku la pa satifiketi ndilo loyenera kulemba pa sivi, mwezi ndi chaka chomwe. Wina yemwe wamaliza mayeso koma mwambo sunachitike afunse kaye ngati akulandira kalata ya ku koleji yotsimikiza kuti anakhoza.

Chachitatu ndi KoboToolbox. Ngakhale yalembedwa ngati yowonjezera, ntchito yachiwiri pa mndandanda uja ndi kulemba mayankho pa tabuleti, ndiye iyi si yongokometsera. Ubwino wake ndi wakuti ndi luso lophunzirika msanga. Pulogalamu yake ya pafoni, KoboCollect, imapezeka kwaulere, ndipo munthu akhoza kutsegula akaunti, kupanga fomu ya mafunso khumi, kuidzaza kangapo n'kutsitsa mayankhowo mu Excel tsiku lotsekera lisanafike. Akatero akhoza kulemba zoona: ndadziphunzitsa ndekha, ndipo ndapanga fomu yoyeserera. Asalembe kuti ndi katswiri, chifukwa pa intavyu akhoza kumupatsa tabuleti m'manja.

Chachinayi ndi Chiyao ndi njinga yamoto, ndipo apa m'pofunika kuganiza mofatsa. Izi siziphunzirika m'masabata awiri. Ntchito yoyamba pa mndandanda ndi kuyendera makalabu m'midzi ya ku Machinga, komwe alimi ambiri amayankhula Chiyao pakhomo. Ambiri amamvanso Chichewa, ndipo mwina ndicho chifukwa chake bungwelo silinakakamize. Za njinga, yankho lagona pa momwe bungwelo limayendera. Ngati wophunzira ntchito amakwera galimoto limodzi ndi alangizi, laisensi njosafunikira kwenikweni. Ngati amapatsidwa njinga kuti ayende yekha, ndiye kuti mawu ofewa aja abisa chinthu chokakamiza. Chilengezo sichinanene, ndipo safunsa anadya phula. Uthenga wa mizere iwiri wopita ku adiresi yomwe yaperekedwa ukwanira: ndaona chilengezo chanu, ndimafuna kudziwa ngati wophunzira ntchitoyu aziyenda yekha pa njinga yamoto kapena aziyenda ndi gulu. Funso lotere limasonyeza kuti mwawerenga. Koma ngati chilengezo chaletsa kuimba foni kapena kufika ku ofesi, lemekezani zimenezo.

Chigamulo chake: mtsikanayu afunsire, ndipo kalata yake iyambe ndi zokakamiza zomwe wakwanitsa, m'ndondomeko yomwe chilengezo chazitchulira, kuti wosankha asavutike kuzifufuza. Mnyamatayu asataye nthawi pa malo awa, koma asunge dzina la bungwelo, chifukwa mabungwe otere amafunanso anthu otolera mayankho m'midzi, ndipo kumeneko luso lake ndi lomwe limayang'anidwa.

Mizere yomwe imasokoneza ambiri

Mzere woti sukulu ikhale yovomerezeka ndi NCHE ambiri amaudumpha. Bungweli, lomwe limayang'anira maphunziro a ukachenjede m'dziko muno, limatulutsa mndandanda wa masukulu komanso wa maphunziro omwe lawavomereza. Sukulu ikhoza kukhala pa mndandanda pomwe maphunziro ena a pa sukulu yomweyo palibe. Yang'anani dzina la maphunziro anu, osati la sukulu lokha.

Mzere wa MSCE nawo uli ndi msampha wake. Akati kirediti mu Chingerezi ndi masamu, akutanthauza giredi 6 kapena yabwino kuposa pamenepo, chifukwa 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, ndipo 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Wa 7 mu masamu anakhoza, koma mzerewu sanaukwanitse.

Pali kusiyananso pakati pa malo a wophunzira yemwe akadali pa sukulu ndi malo a womaliza. Atachimenti yomwe ophunzira a m'makoleji, kuphatikizapo a maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, amapita mkati mwa maphunziro awo imafuna kalata yochokera ku sukulu. Pulogalamu ya boma yomwe inayamba mu 2018 kudzera ku unduna woona za ntchito inali ya omaliza kale maphunziro. Wofunsira malo a gulu lomwe si lake amachotsedwa msanga, ngakhale ali ndi maphunziro ochuluka kuposa ofunikawo.

Nanga chilengezo cha intenishipu chikafuna luso la ntchito la chaka chimodzi? Zimamveka zosemphana, popeza munthu akupita kukaphunzira ntchitoyo. Onani momwe alembera. Akangoti luso pa ntchito yotere, osanena kuti yolipidwa, ndiye kuti atachimenti, ntchito yodzipereka, kafukufuku wa kusukulu ndi maganyu okhudzana ndi ntchitoyo zonse zimawerengedwa, malinga mulembe komwe munagwira, miyezi yake ndi zomwe munachita. Koma chilengezo chofuna zaka zitatu za luso, udindo woyang'anira anzanu ndi malipiro a wophunzira ntchito, chikufuna wantchito wokhwima pa mtengo wotsika. Dziwani zimenezo musanalowe.

Zokakamiza zomwe zimabisala kumunsi

Ndime yomaliza, yonena za momwe mungafunsire, imalembedwa ngati malangizo wamba, koma mzere uliwonse mmenemo ndi wokakamiza. Akati tumizani zonse mu fayilo imodzi ya PDF, musatumize zithunzi zisanu zojambula pafoni. Akati lembani nambala ya chilengezo pa mutu wa imelo, lembani ndendende, chifukwa ena amasanja makalata pogwiritsa ntchito mutuwo, ndipo yopanda nambala ikhoza kusochera. Akafuna anthu atatu okuchitirani umboni, akhale atatu, okhala ndi manambala omwe akugwira, ndipo muwadziwitse. Tsiku lotsekera likhoza kukhala ndi ola lake. Mabungwe akunja nthawi zina amatchula nthawi ya kwawo, osati ya kuno. Zimenezi sizifuna digiri, koma zimagwetsa anthu omwe anali ndi zonse zoyenera.

Inunso muli ndi zokakamiza zanu, ndipo chilengezo chiyenera kuzikwanitsa. Kodi pali alawansi? Kodi nyumba ndi thiransipoti alipira ndani? Miyezi ingati? Chilengezo chikangokhala chete pa za ndalama, musaganize kuti zilipo. Wa ku Lilongwe wopita ku Machinga kwa miyezi 6 awerengetse lendi, chakudya ndi ulendo asanatumize kalata, chifukwa kusiya ntchito pakati kumaipitsa mbiri kuposa kusafunsira.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichili chofunika kapena chowonjezera, koma chizindikiro cha utambwali: kuuzidwa kuti mutumize ndalama pafoni za fomu, za intavyu kapena zoti dzina lanu lilowe pa mndandanda. Bungwe la United Nations limalemba poyera m'zilengezo zake kuti sililipiritsa ndalama pa gawo lililonse la kulemba anthu ntchito, ndipo ndi momwe olemba ntchito enieni amachitira. Chilengezo chopanda adiresi ya ofesi, chopanda ntchito zomveka, chomwe aliyense akuyenerera, chifufuzeni kaye pa tsamba la bungwe lomwe chikutchula musanapereke chiphaso chanu kwa munthu wosamudziwa.

Choncho chilengezo chotsatira chikakufikani, tengani pepala, lembani mzere uliwonse m'gulu lake, ndipo muyambe ndi gawo la ntchito musanafike pa zoyenereza. Mukaphonya chokakamiza ngakhale chimodzi chomwe chimatsimikizika ndi pepala, chisiyeni, sungani mphamvu zanu. Mukakwanitsa zokakamiza zonse koma mwapereweredwa zowonjezera, funsirani, ndipo musadikire tsiku lomaliza.